CITHUNZI CA MLENDO WA PA LAMYA CIYAMBE CAFUNSIDWA

Kuyambira kale, mlendo akafika m'mudzi sanali kungoyala mphasa pamene wafuna. Anali kuyamba waonekera kwa anyakwawa, nanena kumene acokera, kuti ali mwana wa yani, ndi cimene wadzera. Mnyamata wofunsira mbeta nayenso anali kudziwa kuti akucikazi adzatuma munthu kwao kukamva mbiri yake. Masiku ano mlendo alowa m'nyumba usiku kupyolera m'lamya ya m'manja, osadzera kwa anyakwawa, ndipo umboni wokha umene abwera nao ndiwo cithunzi ca nkhope cimene waika pa tsamba lake la Facebook kapena pa WhatsApp. Ife tinena kuti cithunzico ciyenera kufunsidwa mafunso monga momwe mlendo anali kufunsidwira. Njira yocifunsira ilipo, siilipiritsa ndalama, ndipo siifuna maphunziro apamwamba.

Tiyambe ndi cifukwa cimene tambwali abera cithunzi. Iye sangaike nkhope yake, pakuti cimene afuna kucita ndi mlandu. Sangasiyenso tsamba lopanda nkhope, pakuti palibe amene akhulupirira munthu wosaoneka. Tsono apita pa tsamba la munthu wina wa ulemu wake, msilikali, dokotala, namwino kapena wamalonda, natengako zithunzi khumi kapena makumi awiri: cina ali pa nchito, cina ali ndi mwana, cina ali m'galimoto. Nchito imeneyi siimutengera ola lathunthu. Mwini nkhope sadziwa kanthu. Bryan Denny, amene anali kanelo m'gulu la nkhondo la Amereka, anadziwa za ici mu 2016 pamene mai wina amene sanamuonepo anamulembera monga munthu amene akhala naye pa cibwenzi, atatumiza kale ndalama. Atafufuza, anapeza kuti zithunzi zake zinali pa masamba abodza ambirimbiri, ndipo m'zaka zotsatira masamba otere anafika zikwi. Iye sanabe ngwee ya munthu; anaberedwa nkhope.

Asaganize wina kuti izi ndi za kutsidya kwa nyanja kokha. Mu April 2024 akuluakulu a cilungamo anazinga nyumba ina ku Roma mu Lusaka, nagwira anthu 77 ndi masimukhadi oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali anyamata ndi atsikana a m'dziko lathu lino, olembedwa nchito yoceza ndi anthu pa lamya motsatira mau amene anawalembera kale. Mu June caka comweco khoti linapereka zilango za zaka 7 kufikira 11 kwa alendo 22 amene anali m'gululo. Nkhaniyi itiphunzitsa cinthu cimodzi cimene owerenga athu ayenera kucisunga: mau okoma amene mulandira usiku angakhale alembedwa ndi munthu amene ali pa nchito ya malipiro, amene aceza ndi anthu ena ambiri ola lomwelo. Mau ake wawayeseza kale. Pamene iye ali wofooka ndi pa cithunzi, popeza cithunzico cinali kwina iye asanacitenge, ndipo kawirikawiri cikali komweko.

Tonse tazolowera kulemba mau pa Google ndi kulandira mayankho. Kufufuza kumene tinena pano ndi kotembenuza: mupereka cithunzi, makina nakuuzani malo ena a pa intaneti kumene cithunzi comweco cipezeka. Kampani ya ku Kanada inatsegula njira yotere mu 2008 pa dzina lakuti TinEye. Google inayamba yake mu 2011, ndipo lero icitika ndi cipangizo cochedwa Google Lens. Makinawa sadziwa munthu monga momwe inu mudziwira mlamu wanu. Ayang'ana kayalidwe ka mitundu, mizere ndi mithunzi ya m'cithunzi, napanga cidindo cake, cokhala ngati cala cimene munthu adinda pa kalata, ndi kuciyerekeza ndi zidindo za zithunzi mabiliyoni zimene anaziona kale. Zifanana ndi ng'ombe yobedwa imene yafika pa msika: izindikirika ngati pamsikapo pali munthu amene anaionapo m'khola la mwini wake. Ngati palibe amene anaiona, idutsa ngati ya wogulitsayo. Mfundo imeneyi tidzabwererako, pakuti ndipo pagona mphamvu ya njirayi ndi malire ake omwe.

Kuti njira imveke, tiyeni tikonze citsanzo ca mtundu umene ucitika kawirikawiri. Mai wina wamasiye wa ku Katete wagulitsa soya wake, ndipo ndalama zili m'lamya. Pa Facebook pafika pempho la ubwenzi kucokera kwa mwamuna wovala yunifomu, amene anena kuti ndi msilikali wa Zambia wosungitsa mtendere ku Central African Republic. Bodza lake lili ndi miyendo, pakuti n'zoona kuti asilikali athu akhala akutumizidwa ku dzikolo pansi pa bungwe la United Nations. Aceza milungu itatu. Mwamunayo anena kuti mkazi wake anamwalira, kuti watopa ndi umbeta, ndi kuti watumiza katundu: lamya yatsopano, nsalu ndi ndalama za kunja. Tsiku lotsatira afika uthenga wakuti katunduyo waima pa bwalo la ndege ku Lusaka, ndipo afunika K1,500 kuti atuluke. Imeneyo ndi ndalama yoposa mtengo wa thumba la feteleza. Maiyo asanatumize, aitana mwana wa mlongo wake, amene ali ndi lamya yaikulu ya intaneti.

Coyamba mnyamatayo atenga zithunzi. Atsegula tsamba la msilikaliyo, adina cithunzi ca nkhope kuti cidzaze galasi lonse, ndi kucisunga m'lamya. Ngati kusunga kwakanika, ajambula galasi la lamya; pa lamya zambiri za Android ici cicitika mwa kudina pamodzi batani lozimitsira ndi batani locepetsera mau. Akatero adula m'mbali monse kuti patsale cithunzi cokha, popanda nthawi, cizindikiro ca batire, dzina ndi mau a pansi. Kudulaku si kukongoletsa ai. Makina akalandira galasi lonse ayamba kufunafuna magalasi ena a Facebook ofanana nalo, naiwala munthu amene tifuna. Ndipo mnyamatayo satenga cithunzi cimodzi. Atenga zitatu kapena zinai, makamaka zakale za pansi pa tsamba ndi zimene mwamunayo anatumiza pa WhatsApp, popeza tambwali asamala kwambiri posankha cithunzi ca pamwamba, koma pa zinazo acita ulesi.

Kenaka atsegula Google pa lamya. Kumapeto kwa mpata wolembamo mau kuli kacizindikiro ka kamera; akadina pamenepo, Google Lens itseguka, ndipo asankha cithunzi cija m'nkhokwe ya zithunzi za m'lamya. Pasanathe mphindi mayankho afika, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri asokera. Pali mayankho a mitundu iwiri. Pansi pa mau akuti `Visual matches` pabwera zithunzi zongofanana: amuna ena akuda ovala yunifomu ya mawangamawanga ndi cisoti cobiriwira ngati thambo. Amenewa si umboni wa kanthu. Asilikali onse osungitsa mtendere avala mofanana, ndipo makina angoonetsa kuti aona msilikali. Cimene tifuna cili pansi pa mau akuti `Exact matches`, kumene kupezeka cithunzi comweco ceniceni: dzanja lili pamalo pomwepo, mtengo wa kumbuyo ndi womwewo, mthunzi wagwa mbali yomweyo.

M'citsanzo cathu, cithunzi coyamba sicitulutsa kanthu. Caciwiri, cimene mwamunayo waima pafupi ndi galimoto yoyera, cipezeka pa malo atatu. Pena cili m'nyuzipepala ya dziko lina la kumadzulo kwa Afirika, m'nkhani ya asilikali a dzikolo, ndi dzina lina. Pena cili pa tsamba lofunirapo mabanja, ndi dzina lacitatu, ndipo kumeneko mwamunayo akuti ali ku Sudan. Munthu mmodzi sangakhale ndi maina atatu ndi maiko atatu. Mlandu watha kale pamenepa, koma mnyamatayo afuna kudziwa kuti mwini weniweni ndani, kuti azakhali ake asatsale ndi kamtima kakuti kapena enawo ndiwo anabera bwenzi lao.

Funso limeneli ndi lanzeru, ndipo yankho lake ndi masiku. Mnyamatayo atsegula `tineye.com`, aika cithunzi comweco, ndipo mayankho akabwera asankha kuti ayalidwe kuyambira pa `Oldest`, ndiko kuti akale kwambiri akhale pamwamba. Apeza kuti cithunzico cinaoneka m'nyuzipepala ija zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, pamene tsamba la bwenzilo linaciika miyezi iwiri yapitayo ndi mau akuti lajambulidwa sabata lino. Google nayo ili ndi gawo lochedwa `About this image`, limene pa zithunzi zina linena nthawi imene inayamba kuciona. Pano ticenjeze: tsiku limene makina aonetsa si tsiku limene cithunzi cinajambulidwa, koma tsiku limene makinawo anacipeza. Cithunzi cingakhale cakale kuposa tsikulo, koma sicingakhale catsopano kuposa tsikulo. Pa nchito yathu zimenezo zikwanira.

Palinso cina cimene cithunzi ca m'nyuzipepala cionetsa. Ndi cacikulu, coyera bwino, ndipo cili ndi mbali imene pa tsamba la bwenzilo palibe: paphewa la msilikaliyo pali mbendera, ndipo si yathu yobiriwira ya nkhwazi ndi mizere yofiira, yakuda ndi yaolenji. Tambwali anadula phewalo. Lamulo lake ndi losavuta: munthu angadule cithunzi cathunthu, koma sangabwezere mbali imene sanakhale nayo. Pakati pa zithunzi ziwiri zofanana, cacikulu, coyera ndi cathunthu ndico cili pafupi ndi mwini wake; codulidwa ndi cofwifwa ndico cadutsa m'manja ambiri. Masamba awiri akamakanganirana nkhope imodzi, yang'ananinso amene alankhula pansi pa zithunzi. Pa tsamba la mwini weniweni pali abale omucha ndi dzina la kunyumba, anzake a kusukulu omuseka za kale, zithunzi za maliro ndi maukwati za zaka zambiri. Pa tsamba labodza zithunzi zonse zinaikidwa tsiku limodzi kapena sabata limodzi, ndipo oyamikira onse ndi akazi a maiko osiyanasiyana amene sadziwana.

Atambwali nao adziwa kuti anthu ayamba kufufuza, motero asintha zithunzi pang'ono. Ena acitembenuza monga cioneka m'kalirole, kuti dzanja lamanja likhale lamanzere. Cizindikiro cake ndi malemba: dzina la pa cifuwa, nambala ya galimoto kapena cikwangwani ca sitolo cikhala cowerengeka cobwerera m'mbuyo. Lamya zambiri zili ndi potembenuzira cithunzi pamalo pomwe mudulira. Citembenuzeni ndi kufufuzanso. Ena asintha mtundu, kapena aika maluwa ndi mau pamwamba, dulani zimenezo. Ndipo nkhope ikakana kutulutsa kanthu, siyani nkhope, fufuzani za kumbuyo. Google Lens ilola kukoka kabokosi kuti kazinge mbali imodzi yokha, monga nyumba, mlatho kapena cikwangwani. Google, mwa dala, siithandiza kwambiri pa kudziwa munthu ndi nkhope yake yokha, koma pa malo ndi zinthu ndi yakuthwa. Munthu amene anena kuti waima pa sitolo yake ku Chipata, pamene nyumba ya kumbuyo kwake ipezeka kuti ili ku Nairobi, wadziulula yekha. Nkhokwe za makinawa sizifanana, conco cimene Google yaphonya nthawi zina cipezeka pa Bing kapena pa Yandex, imene ndi ya ku Rasha ndipo idziwika kuti itola nkhope zofanana kuposa inzake. Koma pa cifukwa comweco Yandex ibweretsanso anthu ongofanana, ndipo kufanana si umboni. Tonse tidziwa anthu awiri a midzi yosiyana amene anthu awasokoneza pa msika.

Tsopano tibwerere ku ng'ombe ija imene palibe anaionapo. Tiyerekeze kuti mnyamatayo wafufuza zithunzi zonse zinai pa makina onse, ndipo palibe cimene capezeka. Kodi msilikaliyo ndi woona? Iai, ndipo apa ndipo tiopa kwambiri, pakuti munthu amene wafufuza osapeza kanthu atumiza ndalama ndi mtima wokhazikika kuposa amene sanafufuze. Makinawa aona zithunzi zimene zili poyera pa intaneti. Zambiri za pa Facebook ndi Instagram sazifikira, ndipo za pa WhatsApp saziona konse. Tambwali akaba zithunzi za mphunzitsi wa ku Lundazi kapena namwino wa ku Petauke, amene dzina lake silinalowepo m'nyuzipepala, kufufuza kudzabwera manja lende. Kunena zoona, njirayi igwira bwino akuba aulesi amene atenga nkhope zochuka, koma ivutika ndi amene aba pafupi. Palinso nkhope zimene makompyuta apanga okha masiku ano, za anthu amene sanabadwepo. Zotere zilibe kumene zinabedwa, motero sizipezeka kwina kulikonse. Conco yankho la kufufuza lili ndi mbali imodzi yokha yolimba. Cithunzi cikapezeka ndi dzina lina, munthuyo ndi wabodza. Cikapanda kupezeka, simunadziwe kanthu, ndipo mafunso ena ayenera kupitirira.

Mafunso enawo ndi omwe makolo anali kufunsa. Anena kuti kwao ndi ku Chadiza: mudzi uti, mfumu yake ndani, anaphunzira pa sukulu iti, ndani wa kumeneko amene tingalankhule naye? Muuzeni kuti muyankhulane pa lamya ya kanema, maso ndi maso, ndipo pamene mulankhula mupempheni acite kanthu kamene simunamuuziretu, monga kutembenuza mutu kapena kuyenda kukaonetsa panja. Wa nkhope yobedwa adzapeza zifukwa: kamera yafa, akuluakulu a nkhondo saloleza, netiweki ndi yoipa. Wina adzaonetsa kanema wa kamphindi kocepa, wopanda mau, amene anamuba pamodzi ndi zithunzi, nadula msanga. Kukana kamodzi kungakhale koona, pakuti netiweki itivuta tonse. Kukana kwa milungu itatu, kwa munthu amene apeza netiweki yopemphera ndalama tsiku lililonse, ndi yankho lokwanira.

Pomaliza pali mboni imene tambwali sangaiveke yunifomu, ndiyo nambala yolandirira ndalama. Potumiza ndalama pa lamya, dzina la mwini nambala lioneka. Liwerengeni musanalembe nambala yanu yacinsinsi. Ngati msilikali ali ku Central African Republic koma ndalama zipita ku nambala ya kuno ya dzina la mkazi wosadziwika, adzakuuzani kuti ameneyo ndi kalaliki wa pa bwalo la ndege. Msonkho wa boma sulipiridwa pa nambala ya munthu wamba. Ndipo ngakhale dzina litagwirizana, kumbukirani masimukhadi 13,000 aja a ku Roma: nambala ndi cinthu cimene anthu otere ali naco cambiri.

Tsono bodza likaululika, mucitenji? Mtima ufuna kumulembera tambwaliyo ndi kumuonetsa nyuzipepala ija kuti acite manyazi. Musatero. Manyazi alibe, ndipo mukamuuza mmene mwamugwirira mwamuphunzitsa cithunzi cimene ayenera kucotsa asanapite kwa mai wina. Yambani mwasunga umboni: jambulani tsamba lake, maceza anu, nambala zimene anapereka, ndi uthenga wa ndalama ngati munatumizapo, pakuti uthengawo uli ndi nambala imene kampani ya lamya ndi apolisi afuna. Mukatero dinani timadontho titatu pa tsamba lake ndi kusankha `Report profile`, kenaka mutsekeni. Nambala ya lamya imene anapereka muinene ku bungwe la ZICTA mwa kudina `*707#`. Ngati ndalama zapita, imbirani kampani ya lamya ola lomwelo ndi kupita ku polisi. Ndalama za pa lamya zicotsedwa msanga, ndipo tsiku limodzi locedwa ndi lalitali. Malamulo a milandu ya pa intaneti alipo: la 2021 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano mu 2025. Cenjeraninso ndi munthu amene adzabwera pambuyo pake nanena kuti angakubwezereni ndalama zanu mukamulipira pang'ono. Kawirikawiri ndi gulu lomwelo labwera ndi nkhope ina.

Mwini nkhope nayenso musamulakwire. Tamva anthu akuti cithunzi ca wakuba ciikidwe pa magulu a WhatsApp kuti onse amudziwe. Koma nkhope imene muli nayo si ya wakuba. Ndi ya munthu amene waberedwa monga inu. Mukaifalitsa ndi mau akuti kawalala, mungaononge banja ndi nchito ya munthu wosalakwa, ndipo ngati ali wa pafupi mungamuitanire cibakera pa msika. Mukafuna kucenjeza anzanu, chulani dzina la tsamba labodza ndi nambala, ndi kunena momveka kuti zithunzi zake ndi zobedwa. Ngati mwapeza tsamba la mwini weniweni, kumudziwitsa mwaulemu ndi cinthu cabwino, popeza dandaulo la mwini nkhope ndilo limveka msanga.

Tidziwa kuti owerenga athu ambiri ali ndi lamya zazing'ono za mabatani, ndipo ena alowa pa Facebook mwa njira yosaonetsa zithunzi kuti asunge mabandulo. Kufufuza zithunzi zinai sikudya mabandulo ambiri; kanema mmodzi wa nyimbo adya oposa. Cimene cifunika ndi lamya yaikulu imodzi ndi malo pamene netiweki igwira, ndipo zimenezi zipezeka pa sukulu, pa cipatala, kwa mlangizi wa zaulimi kapena kwa mlembi wa kopaletivu. Cobvuta ceniceni si lamya koma manyazi. Mai wamkulu sapeza capafupi kuonetsa mwana wa mlongo wake maceza a cikondi, ndipo tambwali adziwa zimenezo. N'cifukwa cake mau ake oyamba ndi akuti nkhani yathu ikhale ya awiri. Kwa otere tinena kuti wofufuza safunika kuwerenga maceza. Mupatseni zithunzi zokha, ndi kunena kuti mufuna kudziwa ngati munthuyu ndi woona. Safunsa anadya phula.

Kwa anyamata ndi atsikana amene adzapatsidwa nchitoyi tili ndi mau olimba. Wamkulu akakuonetsani cithunzi, wakupatsani cinsinsi cake, ndipo si nkhani yokaseketsa anzanu pa citsime kapena pa bwalo la mpira. Mukaseka mmodzi, ena khumi a m'mudzimo adzatumiza ndalama mwakacetecete. Onetsani mwini nkhani zimene mwapeza ndi maso ake: cithunzi ca pa tsamba ndi ca m'nyuzipepala pambali pake, dzina ili ndi dzina ilo, tsiku ili ndi tsiku ilo. Munthu amene wakonda satsutsidwa ndi mau a mwana, koma mbendera ya dziko lina pa phewa aiona yekha.

Tingakonde kuona alangizi a zaulimi ndi atsogoleri a makopaletivu akutenga mphindi khumi pa misonkhano ya kugulitsa mbeu kuonetsa njirayi pa lamya imodzi, pakuti si ofunsira mabanja okha amene abwera ndi nkhope zobwereka. Nyengo ya kukolola ikafika pabuka ogula soya ndi mtedza a mitengo yokwera amene afuna ndalama ya matumba patsogolo, ndipo mvula ikayandikira pabuka ogulitsa feteleza wochipa, ataima patsogolo pa mulu wa matumba. Cithunzi ca mulu wa matumba cifufuzika mosavuta kuposa nkhope, popeza kawirikawiri cicotsedwa pa tsamba la kampani kapena m'nyuzipepala, kumene makina afika. Zingani matumbawo ndi kabokosi, werengani dzina ndi dziko lolembedwa pa thumba, ndipo funsani wogulitsayo kuti sitolo yake ili pa mseu uti, kuti mutume munthu wa m'tauni akaone matumbawo ndi maso asanalipire.